Chifukwa chake timati "katemera" ngakhale akutibaya jakisoni

*Aphunzitsi, kwathu kutemera ndi kucheka mphini n'kupakamo mankhwala. Nanga bwanji timati "katemera" pamene kuchipatala amatibaya jakisoni? Kodi liwuli silolakwika?*

Liwuli ndi lolondola ndithu, ndipo ine ndimalikonda chifukwa limasunga mbiri ya ntchitoyi. Tsinde lake ndi "tema", ndipo "ka-" wa kumayambiriroyo sachepetsa chinthu ayi, ndi yemwe timamumva mu "kafumbata". N'chifukwa chake timati katemera wa chikuku, osati katemera ka chikuku.

Akatemera oyamba analidi otemera. Kalekale ku Turkey, ku India ndi m'madera ena a mu Africa, anthu ankatenga mafinya a munthu wodwala nthomba n'kuwapaka pa kabala kamene acheka pa mkono wa munthu wabwinobwino, kuti adwale pang'ono n'kutetezeka moyo wake wonse. Njirayi itafala ku England kuyambira mu 1721, madokotala anaisakaniza ndi chiphunzitso chakale cha madokotala achigiriki Hippocrates ndi Galen, chonena kuti matenda amabwera pamene timadzi tinayi ta m'thupi, magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda, tasiya kulingana. Motero asanamutemere munthu ankayamba amuchotsa magazi, kumumwetsa mankhwala otsegula m'mimba ndi kumupatsa chakudya chochepa kwambiri kwa milungu ingapo. Edward Jenner wa ku England, yemwe atakula anadzakhala dokotala, anazunzika chomwecho ali ndi zaka 8. Choopsa china chinali chakuti wotemeredwayo ankadwala nthomba yeniyeni, ankatha kupatsira anzake, ndipo mmodzi kapena awiri mwa anthu 100 aliwonse ankamwalira.

Pa 14 Meyi 1796, Jenner anatenga mafinya pa chilonda cha nthomba ya ng'ombe chimene chinali pa dzanja la Sarah Nelmes, mayi wokama mkaka, n'kuwapaka pa timabala tiwiri timene anacheka pa mkono wa James Phipps, mwana wa zaka 8. Mwanayo anatentha thupi pang'ono n'kuchira, ndipo atamutemera nthomba yeniyeni mu Julaye sanadwale. Mukuona kuti panalibe jakisoni, kanali kampeni kochekera basi.

Jenner sankadziwa chimene chinkateteza mwanayo. Zinadzamveka pambuyo pake, akatswiri a sayansi Louis Pasteur wa ku France ndi Robert Koch wa ku Germany ataonetsa kuti matenda ambiri ali ndi tizilombo tawotawo towayambitsa, monga ka chifuwa chachikulu kamene Koch anakalengeza mu 1882. Pasteur anaphunzira kufooketsa tizilomboto mwadala, ndipo mu 1885 anabayitsa Joseph Meister, mnyamata wolumidwa ndi galu wachiwewe, jakisoni wa katemera wa chiwewe.

Choncho lero liwuli limatchula mankhwalawo, ndipo mneni ndiye amanena njira yake. Timati kubaya katemera, mayi wakabayitsa mwana katemera, koma wa poliyo wa madontho amadonthezera m'kamwa. Mukafuna mneni wokwanira njira zonsezi polemba, nenani kuti mwana walandira katemera.