FFT ya deta yanga ya pa nyanja sikutsika ngati mmene a leksha ananenera

"Anthu a masamu ndithandizeniko. A leksha akuti deta ikakhala yosalala ma kowefishenti a DFT amatsika msanga kwambiri, ati sipekitiro akyulase. Ine ndinaika sensa m'madzi ku Senga Bay, imalemba kutentha ola lililonse, masiku 7, manambala 168. Ndapanga FFT koma mchira wake sukutsika, wangogona. Ndalakwitsa pati? Nanga aliyasing'i ikulowa pati apa?"

Achimwene, musanaikhudze deta ya pa nyanja ija tayambani mwaona chinthuchi chikugwira ntchito pamalo pomwe chimagwiradi, chifukwa mukachiona kamodzi ndi maso anu mudziwa nokha chomwe chikusowa ku Senga Bay. Tengani fankishoni iyi:

```
f(x) = 3 / (5 - 4*cos(x))
```

Ndimaikonda chifukwa ma kowefishenti ake enieni a Fourier timawadziwa popanda kompyuta. Woyamba uja wa k = 0, amene ndi avereji, ndi 1 ndendende. Wa k = 1 ndi 1/2, wa k = 2 ndi 1/4, kenako 1/8, aliyense theka la mnzake, ndipo mbali ya ma k a negetivu ndi chimodzimodzi. Nde tengani mapointi 4 okha, x = 0, π/2, π ndi 3π/2. Mupeza 3, 0.6, 0.3333 ndi 0.6. Phatikizani mugawe ndi 4, mupeza 1.1333. Yankho lenileni ndi 1, ndiye pali 0.1333 yongowonjezereka. Yachokera kuti?

Apa mpamene pali aliyasing'i. Pa mapointi 4 amenewo cos(4x) paliponse ndi 1, yesani muone. Funde lomwe likukwera ndi kutsika kanayi, inu mukulipeza lili pamwamba nthawi zonse pomwe mwasuzumira, basi kwa inu likuoneka ngati mzere wosagwedezeka. DFT ilibe maso oonera zapakati pa mapointi, ndiye imatenga kowefishenti wa k = 4 ndi wa k = -4, aliyense 1/16, nkuwaponya m'dengu la avereji. Awiriwo ndi 0.125. Onjezani a 8 ndi -8, a 12 ndi -12 mpaka uko, zonse pamodzi zikukwana 2/15, yomwe ndi 0.1333 ija. Palibe chasowa olo pang'ono. Lamulo lake, N ikakhala chiwerengero cha mapointi anu, ndi ili:

```
c_DFT[k] = c[k] + c[k+N] + c[k-N] + c[k+2N] + c[k-2N] + ...
```

Kunena kwake, chomwe DFT imakupatsani pa k ndi chenicheni chija kuphatikiza alendo onse omwe atalikirana naye ndi N, 2N, 3N. Cholakwika chonse cha DFT ndi alendo amenewa basi. Ndiye funso limangokhala loti alendowo ndi akulu bwanji.

Pa fankishoni yathuyi cholakwika pa avereji ndi 2/(2^N - 1). Mapointi 8 chikhala 0.0078. Mapointi 16 chikhala 0.00003. Mapointi 32 chafika cha m'ma 5e-10, ndipo pa 64 chatsika kupitirira pomwe kompyuta imatha kusiyanitsa, paja iyo imathera cha pa 1e-16. Taonani kayendedwe kake, mukawirikiza mapointi kawiri cholakwika sichikungotsika ndi theka kapena kota ngati njira zina zija, ma dijiti olondola ndi amene akuwirikiza kawiri. Chimenechi ndi chomwe a leksha anu akuchitcha sipekitiro akyulase. Si kuti FFT ndi yanzeru ayi, FFT ya Cooley ndi Tukey ya 1965 ija ndi njira yachangu chabe yowerengera DFT yomweyo. Mphamvu ikuchokera ku fankishoni, yosalala kwambiri imakhala ndi mafunde othamanga ang'onoang'ono kwambiri, ndiye alendo aja akamabwera amabwera chimanjamanja.

Koma chenjerani, kulondola kumeneku sikufanana pa ma k onse. Ndi mapointi 8, k = 1 ikupatsani 0.5098 m'malo mwa 0.5, palibe vuto kwenikweni. k = 3 ikupatsani 0.1569 m'malo mwa 0.125 chifukwa mlendo wake ndi k = -5, ali pafupi. Pa k = 4, pomwe ndi N/2, malire a Nyquist aja, mupeza 0.1255 pomwe weniweni ndi 0.0625, kuwirikiza kawiri. Ine ma kowefishenti a kumchira sindimawakhulupirira mpaka nditaona kuti atsika kufika poti alibenso ntchito.

Yesani khodi iyi, musinthe N muziona:

```python
import numpy as np
N = 32
x = 2*np.pi*np.arange(N)/N
c = np.fft.fft(3/(5 - 4*np.cos(x)))/N
print(abs(c[:N//2+1]))
```

Mukajambula manambala amenewo ndi `semilogy` muona mzere wowongoka ukutsetsereka, kumapeto kwenikweni nkupindika pang'ono. Kanthu kamodzi kanandidyera usiku wonse pomwe ndimaphunzira izi, ndinalemba `np.linspace(0, 2*np.pi, N)` osaika `endpoint=False`. Pointi ya 0 ndi ya 2π ndi imodzi yomweyo, ndiye ndinaiwerenga kawiri, mzere wokongola uja unangosanduka chigwa chogona. Onani kaye ngati simunachite zomwezo penapake.

Tsopano ku madzi anu. Mawu oti yosalala apa ali ndi tanthauzo lolimba kuposa mmene timaganizira. DFT imatenga masiku anu 7 nkuwapinda ngati mkombero wa lichero, Lamulungu usiku nkulumikiza ndi Lolemba m'mawa lomwe munayambira, ndipo polumikizirapo napo payenera kukhala posalala. Madzi a pa nyanja sasamala zimenezo. Mwera ukawomba masiku atatu madzi amazizira, ndiye tiyerekeze munayamba pa madigiri 24 mwathera pa 23. Kwa inu gilafu ndi yosalala bwinobwino, koma kwa DFT pali chiphompho cha digiri imodzi pa mfundo paja. Chiphompho chimapangitsa ma kowefishenti kutsika ngati 1/k basi. Kwa digiri imodzi ndi pafupifupi 1/(2πk), pa k = 10 ndi 0.016, pa k = 20 ndi 0.008, kutsika kwa kamba. Ndikukaikira kwambiri kuti mchira wanu wogonawo mbali yaikulu ndi imeneyi. Ndipo mukayesa kumanganso gilafu ndi ma kowefishenti ochepa muona ikunjenjemera m'mbali zonse ziwiri, kupitirira ndi pafupifupi 9 peresenti ya chiphomphocho, za Gibbs zija, olo muwonjezere ma kowefishenti sizichoka zimangopanikizika kumphepete.

Kuti mutsimikize nkosavuta. Sindikizani nambala yoyamba ndi yomaliza muyerekeze. Kenako chotsani mzere wowongoka wolumikiza ziwirizo mupangenso FFT. Chiphompho chikachoka pamatsala kona, chifukwa kutsetsereka kwa kumayambiriro ndi kwa kumapeto sikufanana, ndiye kutsika kukhala ngati 1/k². Ndi bwinoko koma si mzere wowongoka wa pa `semilogy` uja. Lamulo lake limayenda choncho, derivativu iliyonse yomwe ikugwirizana pa mfundo imakuwonjezerani mphamvu imodzi ya k. Ena amachulukitsa deta ndi windo ya Hann kuti m'mbali muphwe kufika pa ziro, zimathandiza, kungoti nsonga zanu zimanenepa pang'ono.

Chachiwiri ndi sensa yeniyeniyo. Simunanene mtundu wake, koma tiyerekeze imalemba mpaka 0.1 digiri. Kudula manambala kumeneko ndi phokoso la pafupifupi 0.03 pa nambala iliyonse, ndipo phokoso limamwazikana mofanana pa ma k onse. Gawani 0.03 ndi sikweya ruti ya 168, yomwe ili pafupi ndi 13, mupeza 0.002. Pamenepo ndi pansi panu. Kaya muchite zotani, mchira sudzatsika kupitirira cha pamenepo, 1e-16 ija ndi ya fankishoni ya fomula osati ya sensa yonyowa yomwe yamera ndere. Ndipo izi si kulakwitsa kwanu.

Nanga aliyasing'i pa deta yanu? Kuwerenga ola lililonse kumatanthauza kuti funde lothamanga kwambiri lomwe mungalione moona ndi la maola 2. Chilichonse chothamanga kuposa apo sichisowa, chimavala malaya a wina. Mwachitsanzo ngati pali kusintha komwe kumabwereza mphindi 50 zilizonse, ndiye kuti 1.2 pa ola, chotsani 1 yatsala 0.2 pa ola, inu mukuona ngati funde la maola 5 lomwe m'madzimo mulibe. Zili ngati munthu amene amapita ku gombe ndi themometa maola 25 aliwonse, lero 6 koloko mawa 7 mkuja 8. Kutentha kwa usana ndi usiku kwa maola 24 kuja iye akuona ngati funde lalitali la masiku 25, chifukwa 1/24 kuchotsa 1/25 ndi 1/600, maola 600. Manambala ake onse ndi oona, koma nkhani yomwe akumuuza ndi yabodza.

Chondipweteka pa aliyasing'i nchakuti ikalowa yalowa. Palibe khodi yomwe ingasiyanitse funde la maola 5 lenileni ndi la mphindi 50 lobisala, pa mapointi anuwo manambala ake ndi amodzimodzi. Olo muwonjezere ma ziro kumapeto kwa deta sizithandiza, zimenezo zimangosalaza chithunzi. Mankhwala ali potenga deta. Ngati batire ndi memore zikulola, ikani sensa iziwerenga mphindi iliyonse kwa masiku awiri kapena atatu, mupange FFT, kenako mutengemo ya pa ola yokha mupangenso. Nsonga yomwe yakhala pamalo omwewo ndi yeniyeni. Yomwe yasamuka kapena yasowa inali mlendo. Ndipo mtsogolo muno ndi bwino kuwerenga pafupipafupi nkusunga avereji ya ola, kusiyana ndi kusuzumira kamodzi pa ola, avereji imafooketsa mafunde othamanga asanalowe.

Pa deta yomwe muli nayo kaleyi yang'anani pa k = 7, ndi funde la tsiku limodzi poti masiku ndi 7, ndi pa k = 14 la maola 12. Ngati zayima pamwamba patali ndi 0.002 uja zimenezo mutha kuzikhulupirira. Mu lipoti ikani magilafu awiri moyandikana, ya 3/(5 - 4cos x) ndi ya Senga Bay musanachotse ndi mutachotsa mzere uja. Mukapanga ponyani pano pamodzi ndi nambala yoyamba ndi yomaliza, komanso mtundu wa sensa, tione pomwe mchirawo wakhazikika.