Polumpha muzipakonzeratu kunyumba

"Moni bambo. Ndine mlembi wa sosaite yathu ya maliro kuno ku Mufakose. Andipatsa mphindi 10 pa msonkhano wapachaka, koma ndikudziwa kuti a tcheyamani adzandinong'oneza kuti ndifupikitse. Ndilembe bwanji kuti ndikathe kudula ndili chiimire osasokonezeka?"

Mayi, kalata yanuyi yandikhudza chifukwa manyazi a zimenezi ndinawaona ndi maso anga, pa ukwati wina ku Highfield. Mwambo unayamba mochedwa, holo inali yobwereka, anthu akutali anali atayamba kale kuganiza za makombi. Ankhoswe akuchikazi, bambo wolemekezeka ndithu, anaimirira ndi mapepala awo olembedwa bwino. Ali mkati, woyendetsa mwambo anawapatsira kapepala. Bambo aja anayamba kuvundukula masamba, kuyang'ana apa, kulumpha apo, mayikolofoni ikungomveka kupuma kwawo. Kenaka anati, "monga ndanenera za agogo ake aja," pomwe za agogowo anali atazilumpha. Choipitsitsa n'chakuti tsamba lothokoza akuchimuna linapita nawo limodzi. Azakhali a mkwati sanadye nkomwe.

Anthu ananena woyendetsa mwambo. Ine ndimakana. Mwambo uti kuno umene unayambapo pa nthawi yake? Kudulidwa n'kodziwikiratu, ndiye wobwera ndi pepala losadulika ndiye wolakwa. Ndipo aja amati "ine sindilemba, ndimalankhula za mumtima" ndiwo amandikwiyitsa kwambiri. Ukawauza kuti afupikitse amangofulumiza pakamwa, mfundo zonse zili momwemo, womva osatolapo kanthu. Kufulumira sikufupikitsa ayi.

Palinso ichi cha ife a ku Harare: ana athu obadwira konkuno ambiri amamva Chishona kuposa Chichewa, ndiye pamakhala womasulira. Akakhalapo, mphindi 10 zanuzo mwagawana naye pakati. Funsiranitu zimenezi musanalembe ngakhale mzere umodzi.

Pepala lanulo

Yambani ndi zosadulika, muzilembe ngati kuti ndizo zonse: malonje mphindi imodzi, ndalama zolowa ndi zotuluka mphindi 2, mayina a amene anatisiya chaka chino mphindi imodzi, pempho ndi kuthokoza mphindi imodzi. Zakwana 5, ndipo zikuima pazokha. Tsopano lowetsani zotayika. Pambuyo pa ndalama ikani tsatanetsatane wa mwezi ndi mwezi, mphindi 2. Pambuyo pa mayina ikani mbiri ya sosaite, mphindi 2, kenaka dandaulo la osasonkha, mphindi imodzi. Zonse pamodzi 10.

Onani kuti mbiri sindinaiike koyambirira, ngakhale mtima umafuna kutero. Kunong'oneza kwa a tcheyamani kumabwera muli pakati. Ngati zotayika munaziwerenga kale, chotsala kuti mudule ndi kuthokoza, ndipo mwagwa m'dzenje la ankhoswe aja.

Chigawo chilichonse chotayika chikhale ndime yathunthu, osati theka la chiganizo. Chizungulizeni ndi bolopeni yofiira, ndipo m'mbali mulembe nambala ndi nthawi yake: 1 pa mbiri, chifukwa ndiyo yoyamba kutayidwa, 2 pa dandaulo, 3 pa tsatanetsatane. Kuchokera pamwamba pa bokosi jambulani muvi wotsika mpaka pa liwu loyamba la kunsi kwake, chala chizingotsatira. Ine ndimakonda kuti chigawo chachitali chikhale pa tsamba lakelake, lolembedwa mbali imodzi, kuti kudula kungokhala kutembenuza tsamba.

Ntchito yeniyeni ili pa mfundo zolumikizira. Phimbani bokosi ndi dzanja, muwerenge mokweza chiganizo cha pamwamba ndi cha pansi motsatana. Zikakhumudwa, konzani. Chiganizo chobwera pambuyo pa bokosi chisayambe ndi "pachifukwa ichi" kapena "anthu amenewa," chifukwa anthuwo mwina simunawatchule. Lembani kuti, "Tsopano pempho langa kwa mamembala ndi ili." Koyambirira musalonjeze kuti muli ndi mfundo zisanu ndi ziwiri, pakuti pali agogo ena amawerenga ndi zala.

Nthawi muiyeze ndi wotchi ya pa foni, mukulankhula mokweza ndiponso chiimire, chifukwa kuwerenga chamumtima kumanama. Pa mayina a omwalira muwonjezereko, anthu amausa moyo ndipo simungawathamangitse. Pamapeto pa mayinawo lembani 6, kutanthauza mphindi zoyenera kukhala zitatha pofika pamenepo. Mukafika pamenepo wotchi ikunena 7 kapena kuposa, mbiri mwailumpha, osadikira kuuzidwa. Akakuuzani musanayambe kuti muli ndi mphindi 5 zokha, mabokosi onse atatu apita.

Womasulira mupatseni pepala lofanana ndi lanu, mabokosi ndi manambala zomwezo, ndipo mugwirizane kuti mukakweza chala chimodzi ndiye kuti mbiri mwaisiya. Zomwe mwadulazo musazipepesere pagulu. Tsatanetsatane wa ndalama musindikize padera, wofuna kuona akatenge kwa msungichuma mwambo ukatha.