Kuteteza masheya a kampani imodzi ndi puti ndi kola

"Chuma changa chambiri chili m'masheya 10,000 a kampani imodzi, ndipo sindikufuna kuwagulitsa panopa. Ndamva za puti ndi kola. Kodi zingandithandize mtengo utagwa?"

Zingakuthandizeni ndithu, akulu, koma kwa kanthawi, ndipo si zaulere.

Tiyerekeze kuti sheya imodzi ili pa madola 100. Puti ndi ufulu umene mumagula woti mudzagulitse masheya anu pamtengo wogwirizana tsiku loikika lisanadutse. Mwagula puti ya madola 90 ya miyezi 6, ndipo mwalipira madola 4 pa sheya. M'misika yambiri kontirakiti imodzi imaimira masheya 100, choncho mufunika makontirakiti 100, ndalama zonse madola 40,000. Sheya itagwa kufika pa 60, inu mudzagulitsabe pa 90. Mukawerengera zimene munalipira, simungataye zoposa madola 14 pa sheya.

Vuto ndi kubwereza. Kulipira chonchi kawiri pachaka ndi madola 8 pa 100 alionse, ndipo mtengo wa puti umakwera anthu akayamba kuchita mantha ndi kampaniyo, nthawi imene inu mukuifunitsitsa.

Apa m'pamene kola imalowera. Mumagula puti ija, n'kugulitsa kolo, kutanthauza kuti mwapatsa munthu wina ufulu wodzagula masheya anu, tinene pa madola 110. Iye akakulipirani madola 4, puti yalipiridwa. Ambiri amasangalala poona kuti m'thumba simunatuluke kanthu, koma mwalipira ndi phindu la m'tsogolo. Sheya ikakwera kufika pa 150, yanu ipita pa 110, ndipo madola 400,000 akudutsani. Ngati mukudziwa kuti zimenezi zingakusowetseni tulo, kola musaiyambe. Dziwaninso kuti m'misika ina wogula kolo angatenge masheyawo tsiku lisanakwane, makamaka kampani ikatsala pang'ono kugawa phindu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kutsika kwapang'onopang'ono, chifukwa ambiri sakuganizira. Miyezi 6 yatha, sheya ili pa 91. Puti yanu yatha osakupatsani kalikonse. Yatsopano ya mtengo wofanana ndi woyamba uja idzakulolani kugulitsa pa madola 82 kapena chapomwepo. Ikathanso sheya ili pa 83, mwataya madola 17 pa sheya, n'kuwonjezaponso madola 8 a maputi awiri, chitetezo osagwirapo ntchito ngakhale kamodzi. Puti imateteza bwino kugwa kwadzidzidzi, osati kufooka kwa zaka.

N'chifukwa chake ine ndimaiona yoyenera pamene pali tsiku lodziwika limene mukudikira, monga kutha kwa nthawi imene mwaletsedwa kugulitsa. Ngati palibe chokuletsani, kugulitsako gawo lina n'kuika ndalamazo kwina kumatchipa kawirikawiri.

Musanapite kwa buloka, amene amagulira ndi kugulitsira anthu masheya, ngati mumagwira ntchito pakampaniyo werengani malamulo ake, poti makampani ambiri amaletsa akuluakulu awo kuchita zimenezi. Funsaninso katswiri wa misonkho, chifukwa ku United States, mwachitsanzo, kola yoyandikanitsa kwambiri mtengo wogulitsira wa puti ndi wa kolo ingathe kutengedwa ngati mwagulitsa kale masheyawo, n'kukulipiritsani msonkho.