Lipisitiki ndi faundeshoni pa kolala: thimbirira lichoke osafalikira

"Asisi, ndimaphunzitsa ku Katete. Ndikamavula bulauzi yanga yoyera, faundeshoni imatsalira pa kolala, tsiku lina ndi lipisitiki yomwe. Ndikapikicha ndi sopo wa ufa, kadontho kamasanduka chigamba chofiirira. Ndikulakwitsa pati?"

Amayi aphunzitsi, chikukuwonongerani bulauzi ndi kupikichako. Lipisitiki ndi utoto wosakanizidwa ndi mafuta komanso phula, longa la kandulo lija. Faundeshoni nayo ndi ufa wa utoto woyandama m'mafuta kapena mu silikoni. Ikangopaka kumene, yambiri imakhala pamwamba pa ulusi. Mukathira madzi n'kuyamba kupikicha, madziwo sasungunula mafuta, ndiye zala zanu zimangokankhira utoto pakati pa ulusi ndi m'mbali. Madzi otentha ndiye amaipitsiratu, chifukwa phula limasungunuka n'kuyenderera.

Choncho yambani chovala chili chouma. Tengani supuni, palani pang'onopang'ono ndi m'mphepete mwake, kuchokera kunja kwa thimbirira kulowera pakati, mukupukuta supuniyo nthawi iliyonse. Ngati faundeshoni ndi yamadzimadzi ndipo sinaume, wazanipo paudala wa mwana, mudikire mphindi 15 kuti amwe mafuta, kenako mukutumule.

Tsopano utoto wotsalawo ufunika pothawira. Pindani kansalu koyera kathonje, mwina pilokesi yakale, muyale patebulo. Chitenje ayi, chingasuluke n'kukupatsani vuto lachiwiri. Gonekani bulauzi chafufumimba, thimbirira likhudze kansaluko, inu mugwire ntchito kuseri kwake. Donthezani madontho 2 kapena 3 a sopo wamadzi wotsukira mbale, yemwe anapangidwira kuswa mafuta, kenako dindani ndi thonje lonyowa pang'ono. Kudinda ndi kukweza basi, osakhula. Mukatukula bulauzi mupeza kansalu kapansi katenga mtundu. Kasuntheni kuti thimbirira ligone poyera, mudindenso. Apa ndi pamene ambiri amalephera: amasiya kansalu pamalo amodzi, utoto umene wachoka n'kubwereranso m'chovala.

Kolala ya shati ya abambo ili ndi khalidwe lake. M'kati mwake muli nsalu yolimbitsa yomatidwa, kotero sopo wothira kuseri safika kutsogolo. Pamenepo dindani kutsogolo komweko, kuyambira m'mphepete, ndipo thonje likangoda tayani, tengani lina. Mwezi watha mlamu wanga anabwera kuchokera ku ukwati kuno ku Chipata, kolala ili ndi mzere wofiira wautali ngati chala, azakhali ake atamukumbatira. Ndinataya timathonje 8. Toyamba tinali tofiira ngati magazi, tapakati totuwa, kotsiriza kanatuluka koyera. Apo m'pamene ndinatsukuluza, osati kale.

Lipisitiki zamasiku ano zosachoka pakamwa tsiku lonse sizimvera sopo yekha. Zimenezi zimafuna sipiriti woyera wa kufamasi, wopukutira pobaya jakisoni uja. Nyowetsani thonje, mulifinye lisadonthe, mudinde chimodzimodzi. Sipiriti akachuluka amathamanga ndi utoto n'kusiya mkombero kuzungulira thimbirira. Sipiriti wa mtundu wa pepo uja musamuyandikize pa chovala choyera, ali ndi utoto wakewake. Ndipo yesani kaye pa mpendero wam'kati, makamaka mabulauzi a salaula ogula ku Kapata amene kachizindikiro kake kanadulidwa. Chochotsera utoto wa zikhadabo ndimakana ndithu: asetoni amene amakhala mu zambiri mwa izo amasungunula nsalu ya aseteti n'kuiboola.

Za jiki ndinenepo, chifukwa ndikudziwa kuti mwamuganizira. Mtundu wa khungu mu faundeshoni umachokera ku ufa wa dzimbiri la chitsulo, ndipo jiki sayeretsa dzimbiri. Mungowawula ulusi pachabe, pamene siliki ndi ubweya zimawonongekeratu.

Thonje likasiya kutenga mtundu, tsukuluzani ndi madzi ofunda pang'ono, othira kuchokera kuseri kuti zotsala zituluke njira imene zinalowera. Mukatero chapani bulauzi yonse monga mwa masiku onse. Nsalu yonyowa imabisa thimbirira, ndiye iume kaye, muyang'ane kolala panja powala. Mukaona kamthunzi, kaya kofiira kaya kamafuta, bwerezani sopo ndi thonje musanaikepo nsimbi, chifukwa kutentha kwake kumakhazikitsa chotsalacho mu ulusi. Ndipo madzulo povula, masulani mabatani onse m'malo mokokera bulauzi kumutu. Yopanda mabatani, yambani mwaphimba nkhope ndi duku lopyapyala.