Kalata yopempha kuti akuchotsereni chindapusa chochedwetsa fomu ya msonkho

"Ndinali kunja kokaoda katundu, tsiku lopereka fomu ya msonkho linandipitirira ndipo andigamula chindapusa. Kalata yopempha kuti andikhululukire ndiilembe bwanji?"

Achemwali, musanalembe kalatayo perekani kaye fomu yochedwayo, mulipirenso msonkho weniweniwo. Woiwerenga amayamba wayang'ana ngati vuto mwalikonza, ndipo pempho la munthu amene fomu yake sinafikebe silipita patali.

Kenako onetsetsani pachikalata chimene a ofesi ya msonkho anakutumizirani. Chindapusa chochedwetsa fomu, chochedwetsa malipiro ndi chiwongoladzanja ndi zinthu zitatu zosiyana. Tchulani chimene mukupempha, kuchuluka kwake ndi mwezi wake, pamodzi ndi dzina la bizinesi monga linalembetsedwera, nambala yanu ya msonkho ndi nambala ya chikalatacho. Chiwongoladzanja nthawi zambiri chimavuta kuchotsa, ndiye musachiwerengere.

Chimene chimapulumutsa kapena kugwetsa kalata ndi madeti. Kungoti "ndinali pa ulendo" sikokwanira, chifukwa ulendo munaukonza nokha ndipo tsikulo mumalidziwa. Onetsani chinthu chimene simukanachipewa. Tiyerekeze kuti tsiku lomaliza linali 25 Epulo, inu munakonza zobwerako pa 20, koma katundu anagwidwa pa boda kuti amuyendere mpaka pa 28, fomu n'kuipereka pa 30. Lembani madeti anayi onsewa motsatana, ndipo phatikizani umboni: fotokope ya masamba a pasipoti amene ali ndi zidindo, pepala la kasitomu logwirira katundu ndi lomutulutsira, ndi lisiti ya msonkho umene mwalipira. Ngati kwanuko fomu imaperekedwa pa intaneti, adzafunsa chifukwa chimene simunaitumizire muli pa boda pomwepo. Yankhiranitu m'kalatamo, mwina mabuku a malonda anatsala kunyumba, koma zikhale zoona.

Ambiri amagwera pa masiku a pakati. Kumasuka pa 28 n'kupereka pa 30 zimamveka. Koma mukapereka mu Juni, milungu yonseyo ifunika chifukwa chakechake, apo ayi umboni wa pa boda uja umakutsutsani nokha. Kuloza chala ejenti wokulemberani za msonkho nakonso sikuthandiza kwenikweni, popeza udindo wa fomu ndi wa mwini bizinesi.

Ngati m'mbuyomu simunachedwepo, nenani, ndipo onjezerani chiganizo chimodzi cha zimene mwakonza, monga kupatsa munthu wodalirika mphamvu yoperekera fomu mukachoka. Tsamba limodzi lakwana.

Chinthu china: ngati fomu munaipereka nthawi yake ndipo lisiti muli nayo, musapemphe chikhululukiro, chifukwa kutero n'kuvomera mlandu. Pamenepo mumalemba kalata yotsutsa, yomwe imakhala ndi malire a masiku.

Pokapereka tengani makope awiri, imodzi akudindireni deti muisunge. Chindapusa chimakhalabe pa akaunti yanu kufikira atakuyankhani polemba, choncho funsani ngati chingatchinge satifiketi yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho musanakonze ulendo wina.