Mwana amene amavutika kuwerenga: gawani ola lija

"Mwana wanga ali Sitandade 6 kuno ku Zomba. Ndinamukonzera ola lathunthu lowerenga madzulo alionse, koma amalumpha mizere, amasokoneza b ndi d, ndipo sachedwa kudzuka pampando. Ndisinthe chiyani?"

Mayi, musanasinthe ndondomekoyo, yambani mwapeza pamene pagona vuto. Mumuwerengere ndime imodzi ya Sayansi mokweza, kenako mumufunse mafunso atatu pakamwa. Akayankha bwino zimene walephera kuziwerenga yekha, ndiye kuti mutu ukugwira, koma mwina chikumuvuta ndi kulumikiza malembo ndi maliwu ake, vuto limene akatswiri amalitcha disilekisiya. Akasochera ngakhale pomvetsera, vuto lalikulu likhoza kukhala kusunga chidwi. Mukamupimitsenso maso ndi makutu kuchipatala, chifukwa mwana wosaona bwino nayenso amalumpha mizere.

Ola lija mulifupikitse n'kuligawa magawo atatu a mphindi 10 lililonse, ndipo pakati pake muziika mphindi zitatu zopuma. Gawo loyamba likhale la kuwerenga kokha. Yambani ndi Chichewa, popeza malembo ake amatchulidwa monga momwe alembedwera, ndipo muzitenga maphatikizo ochepa, monga mba, nda ndi nkha, kuti aziwatchula akuwalemba ndi chala pamchenga. Powerenga m'buku, aziphimba mizere ya m'munsi ndi pepala.

Gawo lachiwiri ndi la phunziro lenileni, ndipo apa makutu ndiwo agwire ntchito. Kuyambira Sitandade 5 mabuku ambiri ndi a Chingerezi, chimene kalembedwe kake sikatsata katchulidwe, choncho mukamusiya kuti alimbane ndi tsamba yekha, ataya Sayansi pamodzi ndi kuwerengako. Jambulani mawu anu pa foni mukuwerenga ndimeyo pang'onopang'ono, osapitirira mphindi ziwiri, ndipo amvetsere kawiri: koyamba buku lili chotseka, kachiwiri akulondola mawuwo ndi chala. Pali msampha umodzi, wakuti mwanayo akhoza kuloweza ndimeyo, mwakuti mungaganize kuti akuwerenga pamene akungobwereza zimene wamva. Mukafuna kudziwa, lozani mawu a pakati pa ndime mosatsata dongosolo. M'gawo lachitatu akufotokozereni pakamwa zimene wamva, ndipo alembe ziganizo ziwiri zokha.

Magawowa muwalembe pa kapepala ndi malembo akuluakulu, azichonga akamaliza lililonse, ndipo dongosolo lake lisamasinthe. Popuma ayende kapena amwe madzi, koma foni ikhale ndi inu, apo ayi sabwereranso ku buku. Mukaona kuti akuyamba kutakataka pa mphindi yachisanu ndi chiwiri, fupikitsani gawolo kufika pamenepo, ndipo muziwonjezera mphindi imodzi pakatha sabata.

Pomaliza, kaonaneni ndi mphunzitsi wamkulu kuti akulumikizeni ndi mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera m'zoni yanu, monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, kuti amuunike asanafike Sitandade 8. Popita kumeneko mutenge makope ake.