Mphindi Zisanu Zoyambirira za Difensi

"Difensi yanga ya masitazi yayandikira, ndipo asupavaiza akuti m'mphindi zisanu zoyambirira ndikhale nditanena funso langa, njira ndi zimene ndapeza. Ntchito ya zaka ziwiri ingakwane bwanji pamenepo?"

Achemwali, ikwana ndithu, chifukwa amene adzakuyeseniwo anawerenga kale buku lanu lonse, ndipo chimene akufuna kumva ndi chakuti mwini wake akudziwa pamene pagona nkhani. Munthu wolankhula modekha amanena mawu pafupifupi 120 pa mphindi, choncho muli ndi mawu ngati 600 okha, ndipo mukawathera pa moni wautali ndi mbiri ya ulimi m'Malawi, nthawi idzatha musanafike pa ntchito yanu.

Tiyerekeze kuti munafufuza za kasungidwe ka chimanga ku Dedza. Mukapereka moni m'chiganizo chimodzi, nenani funso: kodi matumba a PICS, osalowa mpweya aja, amateteza chimanga kwa anankafumbwe kuposa matumba wamba othira mankhwala? Onjezani chifukwa chimodzi chimene funsoli lili lofunika, mphindi yoyamba ithere pomwepo.

Njira muipatse mphindi imodzi ndi theka. Nenani kuti munatsatira mabanja angati, munawasankha motani, chimanga chinasungidwa miyezi ingati, ndiponso kuti munkatapa njere m'thumba lililonse n'kuwerenga zofumbwa. Dzina la pulogalamu imene munawerengetsera manambala lisiyeni, adzalifunsa okha akalifuna.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa zopeza, chifukwa amazisungira kumapeto ngati chinsinsi, kapena amangoti "panali kusiyana" osanena kuti kusiyanako kunali kotani. Inu mufikepo mphindi yachitatu isanathe, ndipo munene chinthu chachikulu chimodzi pamodzi ndi nambala yake, monga kuti pa njere 100 zilizonse, zofumbwa zinali zingati m'matumba a PICS ndipo zinali zingati m'matumba wamba. Kenako tchulani nokha malire ake, monga kuti phindulo linachepa m'nyumba zimene makoswe anaboola matumba mpweya n'kulowa, komanso kuti munayesa m'boma limodzi kwa nyengo imodzi yokha. Ine ndimaona kuti wophunzira wotchula yekha malire a ntchito yake amafunsidwa mwaulemu, pamene wowabisa amapanikizidwa pomwepo. Zopeza zing'onozing'ono zidikire nthawi ya mafunso.

Onetsetsaninso kuti mawu a m'funso ndi omwewo akubwera m'yankho. Ngati funso likunena za anankafumbwe koma chopeza chanu chikunena za mtengo wa matumba, woyesa wakunja adzazindikira msanga kuti simunayankhe zimene munafunsa.

Pokonzekera, lankhulani mokweza wotchi ili patsogolo, pamaso pa mnzanu wa maphunziro ena, ndipo mukatha mumufunse kuti abwereze funso lanu ndi yankho lake. Akalephera, kapena mphindi yachitatu ikakupezani mukuwerengabe zolinga pa silaidi, dulani mawu oyamba aja, osati kulankhula mothamanga.